Sitatini kwa agogo opitirira zaka 75: ayambe, apitirize, achepetse kapena asiye?

Funso la sitatini, mankhwala otsitsa kolesitolo m'magazi, kwa munthu amene wadutsa zaka 75 limamveka ngati limodzi koma zoona zake ndi mafunso osiyanasiyana omwe angovala dzina limodzi. Pali agogo amene anadwalapo sitiroko zaka zitatu zapitazo ndipo akufunsa ngati angasiye chifukwa mapiritsi achuluka. Pali ena athanzi lawo, kumunda akupitabe, koma mwana wawo anawatengera kukayezetsa ndipo pepala lakulabu labwera ndi kolesitolo wokwera, nde banja lonse lili balalabalala. Palinso amene agona, kudya kukuvuta, koma botolo la sitatini likadali pa tebulo chifukwa palibe analimba mtima kulichotsa. Atatu onsewa akhoza kukhala ndi zaka 80 ndendende koma yankho lawo silingafanane, ndipo tsiku lobadwa lenilenilo ndi lomwe lili ndi mphamvu yochepa pa zonsezi.

Kaye pang'ono za mankhwalawo. Sitatini ndi gulu, mayina omwe mumawaona pa kabokosi ndi atovasitatini, simvasitatini, rosuvasitatini ndi pulavasitatini. Amagwira ntchito m'chiwindi, amachepetsa kolesitolo amene chiwindi chimapanga, chiwindicho nkuyamba kukoka wina kuchokera m'magazi. Nambala yofunika pa pepala lakulabu ndi ya LDL, yemwe ndi kolesitolo amene amamatirira m'makoma a mitsempha. Ndipo chinthu choti mugwire kuyambira pano nchakuti sitatini sapangitsa munthu kumva bwino. Palibe amamwa nkudzuka mawa ali wopepuka. Ntchito yake nkuchepetsa mwayi woti mtsempha wa mtima kapena wa ubongo udzatseke chaka chamawa kapena zaka zisanu zikubwerazi, basi. Nde funso lonse limakhala lakuti mwayi woti utsekewo ndi waukulu bwanji, komanso munthuyo zaka zimenezo azifika ali bwanji.

Chifukwa chiyani 75 osati 70 kapena 80? Sikuti thupi limasintha usiku wa tsiku limenelo ayi. Kungoti akafukufuku ambiri akuluakulu sankalemba anthu okalamba kwambiri. Mu 2019 gulu la akatswiri linaphatikiza akafukufuku 28, anthu pafupifupi 187,000, nkusindikiza mu magazini ya Lancet, ndipo opitirira zaka 75 anali 8 okha pa 100 alionse. Ndi chifukwa chake malangizo amasiyana dziko ndi dziko. Ku America komiti ya USPSTF mu 2022 inanena kuti umboni sukwanira kunena kuti inde kapena ayi pa kuyambitsa sitatini kwa a zaka 76 kupita m'tsogolo amene sanadwalepo mtima. Ku Britain malangizo a NICE amawerengera chiopsezo mpaka zaka 84, ndipo poti zaka pazokha zimakweza nambalayo, pafupifupi aliyense wa msinkhu umenewu amapezeka kuti akuyenera kufunsidwa ngati akufuna atovasitatini wa mamiligalamu 20. Nde ngati muli ndi makolo ku Britain ndipo dokotala wawo wawauza za sitatini pomwe anzawo a msinkhu womwewo kwathu sanauzidwepo, sikuti wina akunama.

Amene anadwalapo kale: kupitiriza

Apa nde posavuta kwambiri. Munthu amene mtsempha wa mtima unatsekapo, amene anaikidwa sitenti, kachubu kotsegula mtsempha, kapena anapangidwa opareshoni ya mitsempha ya mtima, amene anadwala sitiroko ya kutseka kwa mtsempha, kapena amene mitsempha ya m'miyendo inaphinjika moti akayenda pang'ono akatumba amawawa mpaka ayime kaye, ameneyu matenda ali nawo kale, sitikulosera. Kafukufuku wa PROSPER wa 2002 anatenga anthu 5,804 a zaka 70 mpaka 82 ku Scotland, Ireland ndi Netherlands, theka nkumamwa pulavasitatini wa mamiligalamu 40, theka mapiritsi opanda mankhwala, kwa zaka zitatu ndi miyezi ingapo. Mwa omwa opanda mankhwala, 16 pa 100 anakumana ndi vuto lalikulu la mtima kapena sitiroko, mwa omwa sitatini anali 14. Kusiyana kwa anthu awiri pa 100, koma mukawagawa mupeza kuti phindu lambiri linali kwa amene anali ndi matenda a mitsempha kale. Ndipo kuphatikiza kwa 2019 kuja kunapezanso chimodzimodzi, kuti kwa okalamba amene anadwalapo phindu likuonekabe bwinobwino.

Nde kwa gulu ili ine ndimati apitirize, ndipo ngati sanayambe ayambe, olo ali ndi zaka 82, bola akadali pa mapazi awo. Chomwe chingakambidwe ndi mlingo. Wa zaka 60 amene wadwala mtima amapatsidwa atovasitatini 80, koma kwa agogo ochepa thupi, a impso zofooka, omwe akumwa mankhwala ena asanu, 20 kapena 40 ndi wokwanira nthawi zambiri.

Koma pali kamsampha pa mawu oti sitiroko. Sitiroko ilipo ya mitundu iwiri, ina mtsempha umatseka, ina mtsempha umaphulika magazi nkukhetsekera mu ubongo, ndipo kunja zimaoneka zofanana, mkono kufooka, kamwa kupindika, mawu kusamveka. Chosiyanitsa ndi sikani ya mutu. Sitatini amathandiza pa yotseka ija. Pa yophulika sathandiza, ndipo kafukufuku wa SPARCL wa 2006, wa atovasitatini 80 kwa odwalapo sitiroko, anapeza kuti sitiroko zonse pamodzi zinachepa koma zophulika zinakwerako pang'ono. Izi kwathu kuno nzofunika chifukwa ku Africa kuno sitiroko yophulika ndi yochuluka kuposa ku Ulaya, gwero lake lalikulu ndi bipi yosasamalidwa, komanso anthu ambiri anadwala sitiroko osapangidwa sikani. Nde musangoti agogo anadwala sitiroko ndiye sitatini. Funsani kuti inali ya mtundu wanji, onani m'buku lakuchipatala ngati analemba zotsatira za sikani. Ngati inali yophulika, mankhwala ofunika kwambiri ndi a bipi.

Amene sanadwalepo: kuyamba kapena kungokhala

Apa nde pamene pali mkangano weniweni. Mu kuphatikiza kwa 2019 kuja, pa anthu a misinkhu yonse, kutsitsa LDL ndi 1 mmol/L, womwe ndi muyeso wa manambala onse a LDL amene ndikutchula pano, kunachepetsa mavuto aakulu a mtima ndi sitiroko ndi 21 peresenti. Kwa opitirira 75 kunali 13 peresenti. Koma mukatenga opitirira 75 amene sanadwalepo okha, phindu linali laling'ono moti silinathe kusiyanitsidwa ndi mwayi wamba. Sikuti zinaonetsa kuti sagwira ntchito, anthuwo anali ochepa kuti yankho limveke. Mpata umenewu ndi womwe unachititsa kuti ayambitse akafukufuku ena a okalamba okhaokha, STAREE ku Australia ndi PREVENTABLE ku America, onse ndi atovasitatini 40.

Palinso akafukufuku ongoyang'ana m'mabuku a zipatala, osagawa anthu mwa maere, ndipo amenewa amakokera uku ndi uku. Wa ku Catalonia m'dziko la Spain, wa 2018, anatsatira anthu pafupifupi 47,000 a zaka 75 kupita m'tsogolo osadwalapo mtima. Kwa opanda shuga sanaone phindu. Kwa a shuga a zaka 75 mpaka 84 phindu linaoneka, nkumachepa akadutsa 85, pofika 90 latha. Pomwe wa ku America wa 2020, wa asilikali opuma oposa 300,000, anapeza kuti oyamba sitatini atakalamba ankamwalira mocheperapo. Vuto la akafukufuku otere ndi lodziwika, dokotala amakonda kuyambitsa mankhwala kwa nkhalamba yooneka yamphamvu, ndipo munthu amene amamwa mapiritsi mokhulupirika amakhalanso wosamala pa zina, nde sudziwa ngati ndi piritsi kapena ndi munthuyo.

Tiyeni tiwerengere kuti muone kukula kwake. Tiyerekeze agogo ali ndi LDL ya 3.6. Atovasitatini 20 amatsitsa LDL ndi 40 peresenti kapena kuposerapo pang'ono, nde ifika cha m'ma 2.1, yatsika ndi 1.5. Tsopano tiyerekeze magulu awiri a anthu 100. Gulu loyamba ndi la odwalapo kale, tingoti 25 mwa iwo akanadwalanso pa zaka zisanu. Ndi kutsika kwa 1.5 kuja chiopsezo chimachepa ndi gawo limodzi mwa magawo asanu kapena kuposerapo, nde 25 abwera pa 20 kapena 19, anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi apulumuka. Gulu lachiwiri ndi la osadwalapo, opanda shuga, bipi ili bwino, tingoti 10 akanadwala. Olo titati mankhwala agwira chimodzimodzi, 10 abwera pa 8, ndipo ngati agwira mofooka monga manambala a okalamba aja akuonetsera, abwera pa 9. Kutanthauza kuti anthu 100 amwa tsiku lililonse zaka zisanu, mmodzi kapena awiri ndi amene apindule, ena 90 sakanadwala olo akanapanda kumwa, enawo adwalabe. Manambala a 25 ndi 10 ndangoikapo ngati chitsanzo, a munthu weniweni amawerengera dokotala, koma kawerengedwe kake nkomweko.

Wina akamva mmodzi kapena awiri pa 100 amati aaa ndisiyeni, wina amati sitiroko ndinaiona kwa mkulu wanga, ndipatseni, ndipo onse awiriwa akuganiza bwino. Apa nde chisankho ndi cha mwiniwake, osati cha mwana amene akutumiza ndalama za mankhwala.

Chinanso ndi nthawi. Phindu la sitatini silibwera mwezi woyamba. Pa anthu a zaka 50 mpaka 75 osadwalapo, anawerengera kuti zimatenga zaka ziwiri ndi theka kuti mwa anthu 100 omwa, mmodzi apewe vuto lalikulu. Nde agogo a zaka 77 amene akupalasabe njinga, amene makolo awo anafika 90, nthawi imeneyo ali nayo. A zaka 88 amene agonekedwa kuchipatala katatu chaka chino, mwina alibe.

Maganizo anga pa gulu la osadwalapo ndi awa. Ngati pali shuga, kapena impso zayamba kufooka, kapena LDL ndi yokwera zedi cha m'ma 4.9 kupita m'mwamba, kapena amasuta ndipo bipi ndi ya zaka zambiri, ndipo munthuyo ali pakati pa 75 ndi 84 akudzisamalira yekha, kuyamba nkwanzeru, pa mlingo wapakati. Ngati palibe chilichonse mwa izi, kusayamba si kunyalanyaza ayi. Ndipo ngati ndalama ndi yoti musankhe chogula ku famase mwezi uno, mankhwala a bipi ayambe ndiwo, chifukwa kutsitsa bipi kwa okalamba umboni wake ndi wolimba, mpaka kwa opitirira zaka 80, ndipo sitiroko imene imagwetsa makolo athu ambiri imachokera ku bipi yokwera.

Amene akumwa kale koma sanadwalepo

Awa ndi ambiri, anayamba ali ndi zaka 62 chifukwa cha kolesitolo, pano ali ndi 76 ndipo wina wawauza kuti pa msinkhu wanuwu mankhwalawa alibenso ntchito. Kusayamba ndi kusiya si chinthu chimodzi. Munthu amene wamwa zaka 14 popanda vuto waonetsa kale kuti thupi lake limagwirizana nawo, komanso chifukwa chomwe anayambira sichinachoke. Ku France anatsatira anthu 120,000 amene anakwanitsa zaka 75 akumwa sitatini asanadwalepo mtima, zotsatira zinatuluka 2019, ndipo amene anasiya ankagonekedwa ndi mavuto a mtima ndi mitsempha mochulukirapo ndi 33 peresenti. Nayenso ndi kafukufuku wa m'mabuku, ena anasiya chifukwa anali atayamba kale kudwala zina, nde nambalayo musaimeze yonse. Komabe palibe chomwe chikuonetsa kuti kusiya chifukwa cha zaka zokha kumathandiza.

Ndipo chonde, LDL ikabwera yabwino sikuti mwachira. Yatsika chifukwa cha piritsilo, mukasiya pakangotha masabata ochepa ibwerera pomwe inali.

Miyendo ikuwawa: kusintha m'malo mosiya

Iyi nde njira imene anthu amaidumpha, amangoona ziwiri, kumwa kapena kutaya. Tiyeni titenge chitsanzo chongoyerekeza tichiyende bwinobwino. Agogo aakazi a zaka 78, anadwala kasitiroko kakang'ono zaka zinayi zapitazo, sikani inaonetsa kuti kanali kotseka. Akumwa asipilini, simvasitatini 40 usiku, ndipo miyezi itatu yapitayo anawonjezeredwa amulodipini 10 chifukwa bipi inakwera. Pano akuti ntchafu zonse ziwiri zikuwawa, podzuka pa mkeka mpaka agwire khoma, kukwera kakhonde ka masitepe atatu akupuma kaye. Mdzukulu wawerenga pa foni kuti ndi sitatini, akuti agogo tayani amenewo.

Choyamba nkufunsa kuti kuwawako kuli pati. Kwa sitatini kumakhala m'minofu ikuluikulu, ntchafu, matako, akatumba, mapewa, mbali zonse ziwiri mofanana, ndipo kumayamba pakapita masabata kapena miyezi yochepa chiyambireni mankhwala, chiwonjezereni mlingo, kapena chiyambireni mankhwala ena osagwirizana nawo. Bondo limodzi lotupa, msana, zala zouma m'mawa, kumeneko ndi nyamakazi, sitatini alibe mlandu. Kwa agogo athuwa malo ake akugwirizana, ndipo nthawi yake ikuloza amulodipini. Amulodipini amachedwetsa kaphwanyidwe ka simvasitatini m'chiwindi, nde mankhwala amachuluka m'magazi, nchifukwa chake lamulo lake ndi lakuti awiriwa akakhala pamodzi simvasitatini asapitirire mamiligalamu 20. Agogowa ali pa 40. Cholakwika chimenechi chimachitika kwambiri makamaka ngati mankhwala ena analemba ndi a kukiliniki ya bipi, ena munagula ku famase ndi pepala lakale.

Chachiwiri nkuyeza magazi. Pali CK, yomwe imakwera minofu ikamawonongeka, kenako impso, komanso chithokomiro chifukwa chikafooka chimabweretsa kuwawa kwa minofu komweku ndipo chimakwezanso kolesitolo, kwa amayi achikulire sichachilendo. CK ikapitirira kasanu malire ake, mankhwala ayime. Ikakhala bwino koma ululu ulipo, amayimitsa masabata awiri mpaka anayi nkuona. Ululu ukatha, ndiye kuti mwina analidi iwowo, koma poti agogowa anadwalapo sitiroko sitikuwasiya opanda kanthu, amabwerera ndi mtundu wina, mwachitsanzo atovasitatini 10 kapena 20, yemwe savutana kwambiri ndi amulodipini komanso amamwedwa nthawi ina iliyonse ya tsiku, kapena pulavasitatini. Ululu ukapanda kutha patatha mwezi osamwa, wolakwa ndi wina, mankhwala abwerere ndipo afufuze kwina. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu pa mankhwala atsopanowo ayezenso LDL ndi ALT ya chiwindi.

Kutsitsa mlingo sikutaya zambiri ngati momwe anthu amaganizira. Mphamvu yambiri ya sitatini ili pa mlingo woyamba, ukawirikiza kawiri umangowonjezera 6 peresenti pa kutsika kwa LDL. Atovasitatini 10 amatsitsa cha m'ma 37 peresenti, 20 cha m'ma 43, 80 cha m'ma 55. Nde kuchoka pa 40 kubwera pa 20 mwataya pang'ono, pomwe kuchoka pa 20 kupita pa ziro mwataya zonse.

Koma ndinene zoona pa nkhani ya kuwawayi, nthawi zambiri sakhala sitatini. Kafukufuku wa SAMSON ku London, 2020, ndimamukonda chifukwa cha nzeru yake. Anatenga anthu 60 amene anasiya sitatini chifukwa cha zowawa, aliyense nkumupatsa mabotolo 12, botolo limodzi mwezi umodzi. Anayi anali ndi atovasitatini 20, anayi mapiritsi opanda mankhwala ooneka chimodzimodzi, anayi opanda kanthu. Tsiku lililonse munthu ankalemba pa foni kuti akumva kuwawa bwanji, kuyambira 0 mpaka 100. Miyezi ya botolo lopanda kanthu zinali pa 8, miyezi ya sitatini pa 16, miyezi ya mapiritsi opanda mankhwala pa 15. Kuwawako kunali kwenikweni, sankanamizira, koma gawo lalikulu linkabwera ndi kumeza piritsi uli ndi mantha osati ndi mankhwala ali m'katimo. Ataonetsedwa zotsatira zawo, theka la iwo anayambiranso kumwa. Tsono kwa munthu wa zaka 78 amene thupi limawawa kale pena ndi pena, nkosavuta kuloza botolo latsopano.

Chomwe sichifuna kudikira ndi ichi: minofu kuwawa kwambiri, kufooka mpaka kulephera kuimirira, mkodzo kusanduka wakuda ngati tiyi wopanda mkaka. Pamenepo minofu ikusungunuka ndipo impso zili pa ngozi, asiye kumwa tsiku lomwelo apite kuchipatala. Sizichitikachitika, koma zikachitika kawirikawiri pamakhala mankhwala ena omwe alowa. Odziwika ndi kilarithiromaisini ndi erithiromaisini, omwe munthu amapatsidwa pa chifuwa, ndipo ngati ali pa simvasitatini amayenera kumuyimitsa masiku amenewo. Enanso ndi mankhwala a mafangasi monga ketokonazo ndi itirakonazo, fulukonazo nayenso amakwezako sitatini m'magazi. Kwa omwe ali pa ma ARV, ndipo masiku ano agogo omwa ma ARV alipo ambiri, mtundu womwe uli ndi ritonavi sugwirizana ndi simvasitatini mpang'ono pomwe, atovasitatini amaloledwa pa mlingo wochepa, pomwe dolutegulavi amene ambiri akumwa pano alibe vuto limeneli. Rifampisini wa TB amachita zosiyana, amafooketsa sitatini. Omwa wafarini, mankhwala oletsa magazi kuundana, ayezetse magazi pafupipafupi akayamba kapena kusintha sitatini. Njira yachidule nkunyamula mabotolo onse m'jumbo, ndi azitsamba omwe, nkukawathira pa tebulo la dokotala.

Za shuga ndi kuiwala, mwachidule. Sitatini amakwezadi shuga pang'ono, anawerengera kuti pa anthu 255 omwa kwa zaka zinayi mmodzi amapezeka ndi shuga yemwe sakanamupeza, ndipo amakhala amene anali kale m'malire. Kuiwala anthu amakudandaula, koma mu PROSPER anayeza nzeru za okalambawo ndipo magulu awiri aja sanasiyane.

Nanga ezetimibu? Ameneyu si sitatini, amatseka kolesitolo m'matumbo, piritsi la mamiligalamu 10, amatsitsa LDL ndi 15 mpaka 20 peresenti basi, koma minofu saivutitsa. Ku Japan anamuyesa kwa anthu pafupifupi 3,800 a zaka 75 kupita m'tsogolo osadwalapo mtima ndipo mavuto anachepa, kungoti kafukufukuyo aliyense ankadziwa chomwe akumwa nde sitingamudalire kwathunthu. Ndi wothandiza kwa amene ayesa masitatini awiri atatu nkulephera, kapena kuphatikiza ndi sitatini wochepa, ngati akupezeka komanso thumba likulola.

Kusiya

Ilipo nthawi yomwe kusiya ndi chisankho chabwino, ndipo mabanja amavutika nayo chifukwa zimamveka ngati mwataya mtima pa kholo. Mu 2015 ku America anatenga odwala 381 amene madokotala ankaona kuti atsala ndi pakati pa mwezi umodzi ndi chaka, pafupifupi theka anali a khansa, nkuwagawa mwa maere, ena apitirize ena asiye. Pa masiku 60 imfa sizinasiyane mooneka, ndipo amene anasiya ananena kuti moyo wawo wa tsiku ndi tsiku unali bwinoko, mapiritsi ena nawo anachepa. Malangizo a ku America a 2018 amavomerezanso kuti kwa opitirira 75 kusiya nkomveka ngati munthu wafooka kwambiri, matenda achuluka, kapena nzeru zapita.

Zizindikiro zake nzooneka ndi maso. Agogo sakudzukanso okha, akusambitsidwa ndi kudyetsedwa, thupi likutha mwezi ndi mwezi, matenda oiwala afika poti sakuzindikira ana awo, khansa yafalikira, kapena kumeza kwavuta moti piritsi lililonse mukuchita kuliphwanya m'phala iwo nkumalavula. Pamenepo piritsi loteteza za zaka zitatu zikubwerazo silikuwagwirira ntchito. Kupatula kwake ndi ngati mtsempha wa mtima kapena wa ubongo watseka miyezi yochepa yapitayi, chifukwa nthawi imeneyo chiopsezo chobwereza chimakhala pamwamba, pamenepo kambiranani kaye ndi dokotala. Sitatini safuna kuchepetsa pang'onopang'ono, akagwirizana kuti asiye amangosiya, ndipo palibe chifukwa chopitirizira kuyeza kolesitolo.

Pali magulu awiri omwe ambiri amadabwa nawo chifukwa amaoneka odwala kwambiri nde umaganiza kuti ndi amene akufunika sitatini koposa. A mtima wofooka, uja wotupitsa miyendo ndi kubanikitsa pogona, anayesedwa ndi rosuvasitatini mu akafukufuku awiri akuluakulu, CORONA wa 2007 ndi GISSI-HF wa 2008, ndipo imfa sizinachepe. A dayalisisi, oyeretsedwa magazi ndi makina impso zitasiya kugwira ntchito, chimodzimodzi, 4D wa 2005 ndi AURORA wa 2009 sanapeze phindu pa kuyambitsa. Nde mtima wofooka pawokha kapena dayalisisi payokha si chifukwa choyambira sitatini pa zaka 79. Amene anali akumwa kale chifukwa mtsempha unatsekapo nthawi zambiri amangopitiriza. Ndipo impso zikafooka kwambiri koma asanafike pa dayalisisi, rosuvasitatini ndi amene amafuna kusamala chifukwa amachuluka m'magazi, atovasitatini 20 nde amasankhidwa kawirikawiri poti mlingo wake susintha ndi impso.